FIFO kapena avareji: phindu lenileni ndi liti pamene mitengo yoodera ikungokwera?

"Ine ndi achimwene anga timagulitsa zipangizo zomangira, makamaka simenti. Chaka chino ulendo uliwonse tikapita kukaoda timapeza mtengo wakwera. Mnyamata amene amatilembera mabuku wawerengera pa njira ya FIFO ndipo phindu laoneka lalikulu, koma achimwene atawerengera pa avareji latsika. Iwo akuti mnyamatayo akutinamiza. Chondizunguza mutu ine n'chakuti njira zonse ziwiri zikuonetsa phindu, koma ndalama yoti tikaodere katundu wochuluka ngati wakale sikukwana. Yolondola ndi iti?" Mayi wogulitsa zipangizo zomangira.

Mayi, khazikani mtima pansi, ndipo muwauze achimwene anu kuti mnyamatayo asamukayikire msanga. Pa zimene mwalembazi sindikuona wabodza. Njira ziwirizi zimayenera kupereka mayankho osiyana mitengo ikamakwera, ndipo zikanafanana m'pamene ndikanadabwa. Zonse n'zololedwa. Lamulo la kalembedwe ka mabuku limene mayiko ambiri amatsata pa nkhani ya katundu wogulitsa, lotchedwa IAS 2, limavomereza FIFO komanso avareji. Koma mawu anu omaliza aja, akuti ndalama yokaodera sikukwana, ndiwo andigwira mtima, chifukwa m'zaka zimene ndakhala ndikuona mabuku a anthu a malonda, vuto limeneli ndilo ndaona likugwetsa mabizinesi, osati kusankha njira. Tifikako. Tiyambe taona kumene kusiyanaku kukuchokera.

Thumba la simenti likalowa mosungira katundu silinyamula risiti yake pamsana. Amene munaoda mwezi wa Januwale ndi amene munaoda mu Malichi amafanana ndendende, koma munawalipira mitengo yosiyana. Mukagulitsa thumba limodzi, wolemba mabuku ayenera kusankha mtengo woti aliike, kuti auchotse pa ndalama imene mwalandira n'kupeza phindu. FIFO imanena kuti katundu amene analowa poyamba ndiye amatuluka poyamba, choncho zogulitsidwa zimatenga mitengo yakale ndipo zotsala zimatenga mitengo yatsopano. Avareji imasakaniza zonse: ndalama yonse imene munalipira imagawidwa pa matumba onse, ndipo thumba lililonse, logulitsidwa kapena lotsala, limatenga mtengo umodzi wapakati. Mu pulogalamu ya pa kompyuta njira yachiwiriyi mudzaipeza italembedwa kuti Weighted Average kapena AVCO.

Tiyike manambala patebulo. Sindiika dzina la ndalama, inu muikepo yanu. Tiyerekeze kuti munayamba ndi matumba 100 amene munawagula pa 50 lililonse, kutanthauza 5,000. Kenako munaoda matumba 300 pa 60, ndiye 18,000. Pomaliza munaoda 100 pa 80, ndiye 8,000. Onse pamodzi ndi matumba 500 amene anakudyerani 31,000. Mwa amenewa mwagulitsa 350 pa mtengo wa 90, ndipo mwalandira 31,500. Pansi patsala matumba 150.

Mnyamata wanu wa FIFO ayamba ndi matumba 100 akale aja a pa 50, kenako atenga 250 pa gulu la pa 60. Zogulitsidwazo aziika pa 5,000 kuphatikiza 15,000, ndiye 20,000. Akachotsa pa 31,500 phindu likhala 11,500. Otsala ndi matumba 50 a pa 60 ndi 100 a pa 80, ndipo m'mabuku alembedwa 11,000. Achimwene anu agawa 31,000 pa matumba 500 n'kupeza 62 pa thumba. Matumba 350 pa 62 ndi 21,700, choncho phindu lawo ndi 9,800, ndipo matumba 150 otsala awaika pa 9,300.

Taonani bwino apa. Phindu la FIFO laposa la avareji ndi 1,700. Mtengo wa katundu wotsala wa FIFO waposanso wa avareji ndi 1,700 yomweyo. Si mwangozi. Ndalama imene munalipira ndi imodzi, 31,000, ndipo njira iliyonse ikungoigawa pawiri: gawo lopita ku zogulitsidwa ndi gawo lokhala pa zotsala. Mukachepetsa kuno, uko kwachuluka. M'bokosi la ndalama simunalowe kapena kutuluka kanthu kena chifukwa cha njira imene mwasankha. Ogula anakupatsani 31,500 pa njira zonse ziwiri, ndipo okugulitsani anatenga 31,000 pa njira zonse ziwiri.

Kuti mukhulupirire, yerekezani kuti mwezi wotsatira mwagulitsa matumba 150 otsalawo pa 95 osaodanso. Mwalandira 14,250. Wa FIFO achotsa 11,000 n'kutsala ndi 3,250. Wa avareji achotsa 9,300 n'kutsala ndi 4,950. Mukaphatikiza miyezi yonse, 11,500 ndi 3,250 zikwana 14,750, ndipo 9,800 ndi 4,950 zikwananso 14,750. FIFO imangolionetsa phindu msanga, avareji imalichedwetsa. Mkangano wa inu ndi achimwene ndi wa nthawi imene phindulo lilembedwe, osati kukula kwake.

Musanachoke pa avareji, funsani achimwene anu mmene anaipezera, chifukwa pali kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri. Ena amangophatikiza mitengo itatu, 50, 60 ndi 80, n'kugawa patatu, n'kupeza 63.33. Imeneyo si avareji yofunika pano, chifukwa yaiwala kuti matumba a pa 60 anali 300 pamene enawo anali 100 okha. Mtengo umene munaodera katundu wambiri uyenera kukokera avareji kwa iwo. M'chitsanzo chathu kusiyana kwake n'kochepa, koma tsiku lina mudzaoda lole yathunthu pa mtengo wotsika ndi matumba khumi okha pa mtengo wokwera, ndipo kuwerengera kotereku kudzakusocheretsani kwambiri.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa: avareji ili pawiri. Imene tawerengera ija ndi yodikira mapeto a nyengo, kaya mwezi kaya chaka, n'kusakaniza zonse kamodzi. Ina ndi yoyenda, imene imawerengedwanso nthawi iliyonse katundu watsopano akalowa, ndipo ndi imene mapulogalamu ambiri a pa kompyuta amagwiritsa ntchito. Titenge manambala omwe aja, koma tinene kuti munagulitsa matumba 250 musanaode gulu la pa 80, ndipo 100 enawo munagulitsa mutaoda. Matumba 400 oyamba anakudyerani 23,000, choncho avareji inali 57.50, ndipo 250 aja atuluka pa 14,375. Patsala 150 a mtengo wa 8,625. Mukawonjezera 100 a pa 80, muli ndi matumba 250 a mtengo wa 16,625, ndipo avareji yakwera kufika pa 66.50. Matumba 100 otsatira atuluka pa 6,650. Zogulitsidwa zonse zakwana 21,025, phindu ndi 10,475, otsala ali pa 9,975. Ndiye anthu awiri akhoza kunena kuti onse agwiritsa ntchito avareji, wina n'kupeza 9,800 wina 10,475, popanda wolakwa. FIFO ilibe vuto limeneli. Kaya muwerengera tsiku ndi tsiku kaya pa mapeto a chaka, yankho limakhala 11,500 lomwelo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene ndimaikondera.

Tsopano tibwere pa chimene chikukusowetsani tulo. Mwagulitsa matumba 350 ndipo m'manja muli 31,500. Kuti bizinesi ikhale monga inalili, muyenera kubwezeretsa matumba 350 amenewo. Wokugulitsani sadzafunsa kuti munagula pa zingati mu Januwale. Adzafuna mtengo wa lero, 80, ndipo matumba 350 pa 80 ndi 28,000. Mukalipira, m'manja mutsala 3,500 yokha. Mabuku a FIFO akunena 11,500, a avareji akunena 9,800, koma ndalama imene mungachotse osachepetsa katundu ndi 3,500. Pa 11,500 ija, 8,000 si phindu la kugulitsa. Ndi kukwera kwa mtengo wa katundu pa nthawi imene anali m'manja mwanu, ndipo ndalama imeneyo ili kale ndi mwini wake, amene ndi wokugulitsani wa ulendo wotsatira. Avareji yabisako 1,700 yokha pa 8,000 imeneyo, 6,300 yotsalayo ikuionetsabe ngati phindu. Pamenepa achimwene anu ayandikirako ku zoona, koma pang'ono chabe.

Ndinakhalapo pa tebulo ndi bambo wina amene anali ndi bizinesi ngati yanu. Anabwera ndi makope atatu olembedwa bwino, mizere yowongoka ndi rula, phindu la mwezi uliwonse atalizunguliza ndi cholembera chofiira. Mwezi uliwonse ankatapa phindu lozungulizidwalo n'kukagwiritsa ntchito, ali ndi mtima woyera kuti mpamba saukhudza. Ndinawapempha kuti tisiye kaye ndalama, tiwerenge matumba amene ankaoda ulendo uliwonse. Anatsegula mafayilo a malisiti, ndipo tinaona chiwerengero chikutsika ulendo ndi ulendo, pamene ndalama yolipira inali pafupifupi yomweyomweyo. Anakhala chete nthawi yaitali, chala chili pa risiti yomaliza, kenako anati, "Ndiye kuti ndakhala ndikudya mpamba." Mabuku awo analibe cholakwika chilichonse. Anangowafunsa funso limene mabukuwo sanalembedwere kuyankha.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mulekanitse zinthu ziwiri. Mtengo wa m'mabuku ndi wa malipoti a pachaka, a msonkho ndi a banki. Mtengo woikira malonda komanso woonera ndalama imene mungagawane ndi achimwene uzikhala wobwezeretsera katundu, ndiko kuti mtengo umene mudzalipire ulendo wotsatira, pamodzi ndi thiransipoti yake. Ngati wokugulitsani wanena kale kuti mwezi wamawa thumba lidzakhala pa 85, mtengo wanu wa 90 ukukusiyirani 5 yokha pa thumba, ngakhale kompyuta ikuonetsa kuti thumbalo linagulidwa pa 60 ndipo mukupindula 30. Ndikudziwa kuti pali ogula amene amadandaula akaona mwakweza mtengo pa katundu wakale, ndipo palinso anzanu opikisana nawo amene angagulitse motsika chifukwa akuyang'ana mtengo wakale. Si nthawi zonse mungakweze monga mukufunira. Koma dziwani nambala yeniyeni, kuti mukatsika mutsike mukudziwa zimene mukutaya.

Malo amodzi okha amene kusankha njira kumasuntha ndalama yeniyeni ndi pa msonkho. Tiyerekeze kuti msonkho wa phindu ndi 30 pa 100 iliyonse, ndipo tisiye kaye lendi, malipiro ndi zina zimene zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Pa 11,500 msonkho ndi 3,450. Pa 9,800 ndi 2,940. Kusiyana kwake ndi 510. Kumbukirani kuti mutabwezeretsa katundu munatsala ndi 3,500. Mukalipira msonkho wa FIFO mutsala ndi 50, mukalipira wa avareji mutsala ndi 560. Pa bizinesi imene ndalama yoyendetsera ili yothina, zimenezi zimamveka.

Komabe ndisakupatseni chiyembekezo choposa muyeso, chifukwa apa m'pamene anthu amasangalala msanga. Amaganiza kuti avareji idzawachotsera 1,700 pa phindu chaka chilichonse. Ayi. Katundu wotsala chaka chino ndiye woyambira chaka chamawa, ndipo chimene avareji inachepetsa pa iye chimabwerera ngati phindu akagulitsidwa. Kusiyana kwa phindu la chaka chamawa kudzakhala kukula kwa mpata uja basi. Ngati pa mapeto a chaka chamawa katundu wotsala wa FIFO adzaposa wa avareji ndi 2,000, phindu lidzasiyana ndi 300 yokha, chifukwa 1,700 inawerengedwa kale. Mitengo ikaima, mpatawo umayamba kutsekeka ndipo msonkho umene unachedwa umakupezani. Ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, yothandiza ndithu mitengo ikamakwerabe, koma si mphatso. Ndipo kukula kwake kumadalira kuchuluka kwa katundu wotsala ndi liwiro limene amayendera. Wogulitsa amene katundu wake amatha m'masabata awiri, ndipo avareji yake ndi yoyenda, sadzaona kusiyana kwenikweni. Amene amasunga katundu wa miyezi inayi ndiye amakuona.

Mwina wina adzakuuzani za njira yachitatu, LIFO, imene imaika mitengo yatsopano pa zogulitsidwa. M'chitsanzo chathu ikanachepetsa phindu kuposa avareji. Ku United States ndi yololedwa, koma IAS 2 itakonzedwanso mu 2003 inaichotsa, ndipo kuyambira mu 2005 amene amatsata malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku, otchedwa IFRS, saigwiritsa ntchito. Musatayirepo nthawi pokhapokha ngati malamulo a kumene muli akuilola.

FIFO ili ndi ubwino wake umene sindikufuna uphimbike. Katundu wotsala imamuika pa mitengo yaposachedwa. Matumba 150 aja pa mtengo wa lero ndi 12,000. FIFO yanena 11,000, avareji yanena 9,300. Munthu wa ku banki amene akuona ngati katundu wanu angaphimbe ngongole adzapeza nambala ya FIFO ili pafupi ndi zenizeni. Choncho njira iliyonse ili ndi diso limodzi labwino: FIFO imaona bwino zotsala koma imakulitsa phindu, avareji imafatsa pa phindu koma imachepetsa zotsala. Inshuwalansi ya katundu musaitengere pa nambala ya avareji osaunika kaye mgwirizano wanu, chifukwa moto ukabuka mudzafuna ndalama yogulira matumba pa mtengo wa tsiku limenelo.

Mitengo siikwera mpaka kalekale, ndipo tsiku ikatembenuka FIFO ndiyo imayamba kumva kuwawa. Lamulo la IAS 2 lija limati katundu alembedwe pa nambala yocheperapo pakati pa mtengo umene anagulidwira ndi ndalama imene mungapeze mutamugulitsa, mutachotsa zolipira pogulitsapo. Tiyerekeze kuti msika wagwa, thumba mukuligulitsa pa 70 ndipo kuligulitsa kumakudyerani 3. Mupeza 67 pa thumba, ndiye 10,050 pa matumba 150. Wa avareji ali pa 9,300, sakhudzidwa. Wa FIFO ali pa 11,000, ndipo ayenera kutsitsa ndi 950 n'kuilemba ngati kuluza kwa nyengo yomweyo.

Chinthu china chofunika kuchimasula: njira ya m'mabuku siikulamulani mmene mungatulutsire katundu mosungira. Simenti ikakhalitsa imakoka chinyezi n'kuyamba kuundana, choncho matumba akale azituluka poyamba nthawi zonse, ngakhale mabuku ali pa avareji. Anyamata onyamula amakonda kutenga a pafupi ndi khomo, amene nthawi zambiri ndi atsopano, ndipo akale amakwiririka kumbuyo mpaka kuuma. Lembani tsiku lolowera pa mulu uliwonse. Zimenezi ndi za kasamalidwe ka katundu, sizisintha nambala ya phindu.

Ngati mugwiritsa ntchito avareji yoyenda pa kompyuta, pali msampha umodzi umene ndaupeza m'mabuku ambiri, ndipo ndi wosavuta kugweramo. Katundu amafika, amayamba kugulitsidwa, koma invoisi yake ili m'thumba la jekete la munthu, sinalowetsedwe. Tibwerere pamene kompyuta inali ndi matumba 150 pa 57.50, a mtengo wa 8,625. Lole yabweretsa 100 a pa 80, palibe walowetsa, ndipo masana omwewo mwagulitsa 200. Pulogalamu imene imalola zimenezi iwatulutsa onse pa 57.50, ndiye 11,500, n'kuonetsa kuti matumba apelewera ndi 50 ndipo mtengo wawo wapelewera ndi 2,875. Mawa lake invoisi ya 8,000 ikalowa, mapulogalamu ena amangophatikiza. Atsala matumba 50 a mtengo wa 5,125, kutanthauza 102.50 pa thumba, mtengo umene simunagulirepo chiyambire. Zikanalowa mu dongosolo lake, avareji ikanakhala 66.50, ndipo phindu la tsikulo lakulitsidwa ndi 1,800 imene yakabisala pa matumba otsalawo.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Mwezi ukatha, tengani mtengo wa katundu wotsala wa mtundu uliwonse, mugawe ndi chiwerengero chake. Yankho liyenera kukhala pakati pa mtengo wotsikitsitsa ndi wokwereratu umene munalipirapo. Likatuluka kunja kwa malire amenewo, fufuzani tsiku limene chiwerengero chinapita pansi pa ziro, ndipo mudzapeza invoisi yochedwa ili pomwepo. Mapulogalamu ambiri ali ndi poletsera kugulitsa katundu amene sanalowetsedwe. Letsani, ngakhale wogulitsa wanu adandaule kuti zikumuchedwetsa. FIFO nayo ili ndi matenda ake. Imafuna kuti gulu lililonse lizidziwika ndi tsiku, chiwerengero ndi mtengo wake, ndipo wina akalowetsa invoisi ndi tsiku lolakwika magulu amasinthana malo. Katundu wobwezedwa ndi wogula ayeneranso kubwerera pa mtengo umene anatulukira, osati wa lero. Pa kope la pamanja, ndi mitundu ya katundu mazanamazana, FIFO ndi ntchito yotopetsa, ndipo njira imene munthu watopa nayo amayamba kuilumpha.

Pa njira zonse ziwiri onetsetsani kuti 50, 60 ndi 80 zija ndi mitengo yathunthu. Mtengo wa katundu si wa pa invoisi wokha. Muphatikizemo thiransipoti yomufikitsa kwa inu, zolipira otsitsa, ndi msonkho wa pa chipata cha dziko ngati wachokera kunja, ndipo muchotsemo zimene wokugulitsani anakutsitsirani. Msonkho umene boma limakubwezerani, monga VAT kwa olembetsa, sulowamo. Ndaona abale akukangana za 1,700 ya FIFO ndi avareji pamene ndalama ya lole, yochuluka kuposa pamenepo, sinalowe mu mtengo wa thumba ngakhale limodzi.

Mwandifunsa kuti yolondola ndi iti, ndipo sindikufuna kukuzembani. Pa katundu ngati wanu, wofanana thumba ndi thumba, wogulidwa kawirikawiri pa mitengo yokwerakwera, ine ndikanasankha avareji. Phindu lake silidumphadumpha mwezi ndi mwezi, limachedwetsako msonkho, ndipo silikunyengani kwambiri kuti mugawane ndalama imene kulibe. Ndikanasankha FIFO ngati mabuku anu amawerengedwa kwambiri ndi okukongozani amene maso awo ali pa mtengo wa katundu wotsala, kapena ngati mumatsata kale gulu lililonse palokha chifukwa cha masiku othera mphamvu. Koma ngati mabuku anu a zaka zapitazi ali pa FIFO ndipo alibe vuto, sindikanathamangira kusintha chifukwa cha 510 ya msonkho ija. Ndikanawonjezera mzere umodzi pa lipoti la mwezi uliwonse, wosonyeza matumba ogulitsidwa kuchulukitsa ndi mtengo wobwezeretsera, ndipo inu ndi achimwene muzigawana mukuyang'ana mzere umenewo.

Kusintha njira si nkhani yoti mungodina pa kompyuta usiku umodzi. IAS 2 imafuna kuti katundu wa mtundu ndi ntchito yofanana aziwerengedwa pa njira imodzi, choncho simungaike simenti ya nthambi ina pa FIFO ndi ya nthambi ina pa avareji. Ndipo pansi pa lamulo lina, IAS 8, kusinthako kumaloledwa ngati kukuchititsa malipoti kukhala odalirika ndi othandiza kuposa kale, osati chifukwa chakuti chaka chino mukufuna msonkho wochepa. Manambala a chaka chapita amayenera kuwerengedwanso pa njira yatsopano kuti zaka ziwirizo zifanizike, ndipo kusinthako kumalembedwa poyera m'malipoti. Mabizinesi ang'onoang'ono amene amatsata malamulo ofupikitsidwa a IFRS amapeza mfundo zofanana ndi zimenezi. Malamulo a msonkho ndi nkhani ina payokha, amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina amafuna chilolezo musanasinthe. Apa m'pofunika akauntanti wovomerezeka, ndipo mukamapita mumutengere malisiti onse oodera a chaka chino ndi chatha, komanso mapepala a kuwerenga katundu pa mapeto a zaka zonse ziwiri. Popanda zimenezo sangawerengenso chilichonse.

Pitaninso kwa akauntanti ngati mumaoda ndi ndalama yakunja, chifukwa pamenepo kukwera kwa mtengo kumasakanikirana ndi kugwa kwa ndalama, ndipo katundu amalembedwa pa mtengo wosinthira wa tsiku logula, osati wa tsiku lolipira. Chimodzimodzi ngati muli ndi ngongole ya banki imene mgwirizano wake umatchula kuchuluka kwa phindu kapena kwa katundu kumene muyenera kusunga, chifukwa kusamukira ku avareji kudzatsitsa nambala zonse ziwiri ndipo mukhoza kuphwanya mgwirizanowo osadziwa. Ndipo ngati kumene muli mitengo ya zinthu zonse yakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri m'zaka zitatu, chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene lamulo lina, IAS 29, limayang'ana, ndipo malipoti onse angafunike kukonzedwa mwapadera.

Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi achimwene ndi mnyamata uja pa tebulo limodzi, aliyense ndi pepala lake. Chotsani phindu la achimwene pa phindu la mnyamatayo. Kenako chotsani mtengo wa katundu wotsala wa achimwene pa wa mnyamatayo. Ngati onse anayambira pa mtengo umodzi wa katundu woyambira chaka, mayankho awiriwo ayenera kufanana mpaka pa nambala yomaliza. Akafanana, mnyamatayo wagwira ntchito yake bwino ndipo achimwene amupepese. Akasiyana, yambani ndi kufananiza chiwerengero cha matumba otsala chimene aliyense anagwiritsa ntchito, kenako invoisi imodzi ndi imodzi, chifukwa pamenepo wina waiwala lole kapena waiwerenga kawiri.